Kulembera abale uthenga wa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano: kuyambira agogo mpaka mdzukulu

Kwathu ku Nkhotakota, kufupi ndi Chia, uthenga wopita kwa munthu wamkulu sawuwerenga mwini wake. Foni ikalira, agogo amaitana mdzukulu amene ali pafupi kuti, "Tabwera udzandionere izi." Mwanayo amawerenga mokweza pakhonde, pamene pali amayi aang'ono akupeta mpunga, mlamu akusoka ukonde, ndi mlendo amene wangodutsirako kudzapempha moto. Khadi nayo imayenda njira yomweyo, kenaka imakasomekedwa kutsindwi kapena kuseri kwa galasi mpaka chaka china. Ine ndinazimvetsa izi chaka china nditatumiza mawu amodzimodzi kwa abale onse, mawu okopera amene ndinalandira kwa mnzanga wa kuntchito kuno ku Salima. Nditapita kumudzi mu Januwale, azakhali anga anandikokera pambali n'kundiuza motsitsa kuti, "Mwana iwe, uthenga wako unafika, koma munalibe ine." Chinali chaka chimene anataya amuna awo, ndipo uthenga wangawo unkawauza kuti asangalale ndi banja lawo lonse. Zinandipweteka kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo ndimatsata njira imene ndikufotokoza pano.

Choyamba: lembani mayina papepala, ndipo pa dzina lililonse yankhani mafunso atatu

Musayambe ndi foni. Tengani pepala cha pa 10 Disembala, lembani abale amene mukufuna kuwapatsa moni. Pambali pa aliyense lembani zinthu zitatu: mmene mumawaitanira mukakumana maso ndi maso, amene adzawawerengere uthengawo, ndi chimene chachitika pakhomo pawo chaka chino.

Funso loyambalo ndi limene limakupatsani mzere woyamba. Ngati pamaso mumati "amalume", papepala ndi "Amalume" basi, osawonjeza dzina lawo lobadwa nalo, chifukwa dzinalo likatchulidwa mokweza ndi kamwana pakhonde limamveka ngati mwano. Ngati mlamu wanu mumamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, kuti make uje kapena bambo a uje, lembani choncho. Ngati agogo amakondwa mukawatchula ndi mfunda, kuti aNaphiri kapena aNabanda, mfundawo ndi umene uwatsegule mtima kuposa mawu ena onse amene mungapeke. Funsoli limakuuzaninso ngati mulemba "inu" kapena "iwe". Wamkulu aliyense ndi "inu". Mng'ono wanu amene anakwatiwa n'kukhala ndi ana, ngakhale mumamuti "iwe" muli awiri, papepala mupatseni "inu" ngati uthengawo udzafika pamaso pa ana ake kapena mwamuna wake. Mukasankha, musasinthe pakati. Uthenga woyamba ndi "muli bwanji" n'kutha ndi "ndakusowa" umaonetsa kuti theka lina munachita kukopera kwina.

Funso lachiwiri limakuuzani zimene simuyenera kulemba. Lachitatu ndi limene limabweretsa mwini wake mu uthengamo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono kutsogoloku.

Chachiwiri: dziuzeni ndinu ndani, funsani moyo, kenaka mafuno

Kwa akuluakulu mawu ali ndi mndandanda wake, womwewo umene timatsata tikafika pakhomo. Sitifika n'kuyamba kunena chimene tadzera. Timakhala pansi, kutilonjera, ifenso kufunsa moyo. Uthenga nawo uyambe ndi kuwaitana, kenaka mudzitchule, chifukwa mafoni ambiri a kumudzi sasunga mayina ndipo agogo ali ndi adzukulu khumi ndi kusefukira. Dzitchuleni ndi ubale ndi malo: "Ndine mdzukulu wanu wa ku Salima." Mukatero funsani za moyo wawo, nenani mwachidule kuti kwanu kuli bwanji, ndipo pokhapo ndiye mubweretse mafuno a chikondwerero. Pomaliza perekani moni kwa ena a pakhomopo, muyambire wamkulu. Mzere wotsirizawu musaupeputse. Amene akumvetsera pakhonde aja amadikira kumva ngati atchulidwa.

Pa mafunowo, mawu amene anthu amanenadi ndi osavuta: "Mudye bwino Khirisimasi", "Muoloke bwino chaka", "Ambuye akusungeni". Mawu otanthauzira kuchokera pa makhadi a m'sitolo, onena za nyenyezi zothwanima ndi maloto okwaniritsidwa, akawerengedwa mokweza m'mudzi womwe anthu akuthamangitsana ndi kupalira chimanga ndi kuoka mpunga, samveka ngati akuchokera kwa mwana wa pakhomopo. Njira yoyesera ndi iyi: werengani mokweza zimene mwalemba. Ngati simungawauze mawu amenewo mutagwada pamaso pawo, fufutani.

Khadi ya agogo ikhoza kukhala chonchi:

"Agogo aNaphiri, ndine mdzukulu wanu wa ku Salima. Mwadzuka bwanji ndi mwendo uja? Kuno tonse tili bwino, ana akukufunsani tsiku ndi tsiku. Tikuthokoza mpunga umene munatipatsira mu Julaye, ndi umene tasungako kuti tidye pa Khirisimasi. Mudye bwino chikondwerero, Ambuye akusungeni tidzaonane chaka chamawa. Moni kwa amalume, amayi aang'ono ndi ana onse."

Ndi agogo mungathe kuikamo kanthabwala ka pachibale, chifukwa mwambo umalola. Mdzukulu wamwamuna amene agogo aakazi amamuti "mwamuna wanga" akhoza kusayina choncho, ndipo pakhonde padzakhala phwete. Koma nthabwala imeneyi ndi ya agogo ndi asuweni okha. Musaiwolotsere kwa makolo, ndipo kwa apongozi isayandikire n'komwe.

Chachitatu: ikani chinthu chimodzi chimene ndi cha iwo okha

Mu khadi ya pamwambayi, mzere wa mwendo ndi wa mpunga ndi umene ukugwira ntchito. Mukauchotsa, chotsala chikhoza kupita kwa nkhalamba iliyonse m'Malawi muno. Chinthu chimodzi chikukwana: bwato limene amalume anamaliza kusema, mwana amene anakhoza mayeso a Sitandade 8, denga limene achimwene anafolera malata mvula isanayambe, chinangwa chimene amayi anakutumizirani kuti musaiwale kondowole. Sankhani chinthu chimene mwini wake angakondwe chitamveka pagulu. Ngongole, mimba imene sinalengezedwe, matenda amene sanawauze ana, mkangano wa munda, zonsezi ndi za pakamwa muli awiri, osati za pakhadi.

Apa ndi pamene funso lachitatu lija limalemera. Ngati pakhomopo panagwa maliro chaka chino, mawu akuti "musangalale" achotseni. Ambiri amaopa kukumbutsa wofedwa, ndiye amasankha kukhala chete kapena kutumiza mawu osakhudza kanthu. Koma wofedwayo sanaiwale. Tsiku la Khirisimasi akamagawa mpunga ndi nkhuku, mbale imodzi ikusowa mwini wake, ndipo chimene chimamupweteka n'kuona ngati enanu munaiwala.

Chaka chotsatira nditalakwitsa kuja, ndinakhala pansi kulembera azakhali aja. Poyamba ndinalemba kuti: "Azakhali, ndikukufunirani Khirisimasi yabwino. Musadandaule, zonse ndi chifuniro cha Mulungu." Nditawerenga mokweza ndinaona zolakwika ziwiri. Ndinali mwana amene akulangiza munthu wamkulu mmene angalirire, ndipo malemuwo sindinawatchule. Ndinang'amba, n'kulembanso chonchi:

"Azakhali, ndine mwana wa achimwene anu, wa ku Salima. Muli bwanji kumeneko ndi mvulayi? Masiku ano ndikukumbukira malemu amuna anu, mmene ankatitengera kunyanja m'mamawa wa Khirisimasi kukagula chambo ngalawa zikamakocheza. Ndikudziwa kuti tsikuli likhala lolemera kwa inu. Tikukupemphererani, ndipo pa 25 ndidzaimba foni mukachoka ku tchalitchi kuti ndimve mawu anu. Ambuye akhale nanu ndi ana onse. Ndine mwana wanu."

Muone kuti mulibe mawu akuti chisangalalo, mulibe malangizo. Muli chikumbutso chimodzi cha malemu chimene ngakhale ana atachimva angamwetulire, muli kuvomereza kuti tsikulo ndi lovuta, ndipo muli lonjezo laling'ono lokhala ndi tsiku ndi nthawi. Lonjezolo likhale loti mulikwanitsa. Wamasiye amene mwamuuza kuti mudzaimba amaika foni pamwendo kuyambira masana, ndipo akasowa magetsi amatuma mwana kukatchajitsa ku msika kuti isazime.

Kwa wodwala ndi chimodzimodzi: funsani za thupi lawo m'mawu amene iwo eni amagwiritsa ntchito, "mwendo uja", "chifuwa chija", osatchula dzina la matenda.

Apongozi

Uthenga wa apongozi ndi umene anthu amauopa, koma ndi wosavuta mukadziwa malire ake. Ukhale waufupi, waulemu, ndipo uchokere ku banja lonse, osati kwa inu nokha. Lembani "ife", osati "ine". Mawu achikondi monga "ndakusowani kwambiri" asungireni makolo okuberekani. Ambiri amaitana apongozi kuti "amayi" ndi "abambo", ndipo papepala ndi mmene zimakomera. Chimene chimafewetsa uthengawu popanda kudumpha malire ndi adzukulu: iwo ndi amene ali ndi ufulu wonena zimene mkamwini kapena mtengwa sanganene.

"Abambo ndi amayi, ndife ana anu a ku Salima. Tikukhulupirira kuti muli bwino ndipo kumunda kukuyenda. Kuno tili bwino. Adzukulu anu akuti akusowani, wamng'onoyu wayamba kuyenda. Tikuthokoza chifukwa cha malangizo ndi mapemphero anu chaka chino. Mudye bwino Khirisimasi, muolokenso bwino chaka. Moni kwa alamu onse."

Musanatumize, muonetseni mwamuna kapena mkazi wanu, chifukwa iye ndi amene akudziwa zimene zikuchitika kwawo. Ndipo ngati mwalembera makolo a mbali imodzi, lemberani a mbali inayo tsiku lomwelo. Asewere amakumana pa maliro ndi pa zinkhoswe, ndipo nkhani zotere zimatuluka.

Amalume, ndi abale a chipembedzo china

Amalume ndi mwini mbumba, choncho uthenga wawo umanyamulako kalipoti kakang'ono. Auzeni mmene banja lilili m'mzere umodzi kapena iwiri, muwathokoze pa chimene anayendetsa chaka chino, kaya ndi chinkhoswe kaya ndi mlandu wa malire. Koma musaphatikizemo pempho. Moni wa chikondwerero wotha ndi "mundithandizeko fizi ya mwana" umasanduka kalata yopempha, ndipo chaka chamawa akaona dzina lanu amayamba ausa moyo. Pempho lipatseni tsiku lake.

Kunyanja kuno mabanja ambiri ndi osakanikirana. M'bale mmodzi amapemphera ku Anglikani, wina ku CCAP, wina ku mzikiti, onse a mimba imodzi. Kwa amalume kapena msuweni wachisilamu, vesi ya Luka 2:11 ndi chithunzi cha khanda modyera ng'ombe musatumize. Dikirani pa 31 Disembala kapena pa 1 Januwale muwafunire chaka chabwino, thanzi ndi mvula yokwanira, ndipo dzina la Mulungu likukwana nonse. Chimene chimawafika pamtima ndi kuwakumbukira pa Idi, pamene iwo akukondwerera. Tsiku la Idi limatsata mwezi ndipo chaka chilichonse limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, choncho musadalire deti la chaka chatha. Mverani chilengezo pa wailesi, n'kulemba mwachidule: "Amalume, Idi Mubaraka. Mulungu alandire kusala kwanu ndi mapemphero anu. Moni kwa azakhali ndi ana." Mawu a kusalawo ndi a Idi yotsatira mwezi wa Ramadhani. Pa Idi inayo, ya nsembe, achotseni. Palinso abale achikhristu, monga a Mboni za Yehova, amene sakondwerera Khirisimasi. Amenewo apatseni moni wamba, wofunsa moyo, pa tsiku wamba.

Asuweni, alongo ndi ana

Kwa asuweni ndi abale a msinkhu wanu sindikuphunzitsani kanthu. Lembani mmene mumayankhulira, mutonzane za amene anagwa m'bwato, mufunsane kuti "Khirisimasi yanga ili kuti?" Chokhacho, muyang'ane kawiri dzina la amene mukumutumizira, ndipo nthabwala za chisuweni zisalowe mu gulupu ya banja ya WhatsApp mmene muli amalume ndi alamu.

Ana ndi amene timawaiwala. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wayamba kuwerenga, mukamulembera kapepala ka iye yekha, dzina lake pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, amakasunga m'kope mpaka kung'ambika. Ziganizo zikhale zitatu kapena zinayi, zazifupi: "Ndamva kuti ukudziwa kuwerenga. Ndakondwa kwambiri. Udye bwino Khirisimasi, ndipo ndikabwera udzandiwerengere nkhani imodzi." Ngati pakhomo pali ana anayi, alembereni onse kapena atchuleni onse, kuphatikizapo wamasiye amene akuleredwa pamenepo. Wachinyamata wa ku sekondale musamudzazire malangizo. Aliyense amamuuza kuti alimbikire sukulu. Inu muuzeni chimene mwaona kuti wachita bwino.

Kwa m'bale wa patali amene mwatha zaka osalankhulana, mizere iwiri ikukwana, koma dzifotokozeni bwino kudzera mwa kholo: "Ndine mwana wachiwiri wa malemu achemwali anu a ku Benga." Ngati panali kusamvana, musakutchule, ndipo musapepese pakhadi. Moniwo pawokha ndi kugogoda pachitseko. Akayankha, zinazo mudzakambirana pamaso pa akuluakulu.

Chachinayi: nkhani ya ndalama ndi katundu

Katundu mutchuleni mu uthenga: shuga, sopo, chitenje, mafuta ophikira. Izi zimathandiza kuti zimene mwapatsira munthu wa pa minibasi zifike zonse, ndipo wotumidwayo amadziwa kuti mwini wake akudziwa. Koma kuchuluka kwa ndalama musakulembe mu moni wowerengedwa pagulu. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, imbani foni muwauze eni ake pakamwa, ndipo mu uthenga mungoti "kangachepe kaja mugulire ndiwo". Chiwerengero chikamveka pakhonde, dzuwa lisanalowe aliyense wabwera ndi vuto lake, ndipo abale ena amene sanathe kutumiza kanthu amachita manyazi. Ngati chaka chino mulibe choti mupereke, musaleke kulemba chifukwa cha manyazi, ndipo musadzaze pepala ndi zodandaula. Mzere umodzi ukukwana: "Chaka chino manja ndi afupi, koma sitinakuiwaleni."

Chachisanu: sankhani njira yoyenera foni yawo

Khadi yogula ku sitolo imabwera ndi mawu achingerezi osindikiza kale. Musangosayina pansi pake. Tsamba lopanda kanthu la kumanzere ndi lanu: lembani pamenepo m'Chichewa, ndi bolopeni, zilembo zotayana kuti mwana wa Sitandade 4 athe kuwerenga. Pepala la m'kope lopindidwa bwino limagwira ntchito yomweyo. Popeza ndi nyengo ya mvula, ikani m'kajumbo musanampatse wonyamula, ndipo ichoke m'manja mwanu pasanafike pa 20 Disembala.

Ngati mukutumiza SMS ku kafoni ka mabatani, kumbukirani kuti uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, kuwerenga ndi mipata yomwe. Mukaikamo kankhope kosekerera kamodzi kokha, kapena chilembo cha ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70, uthenga umaduka zidutswa zingapo, mumalipira zambiri, ndipo pa mafoni ena tinkhopeto timaoneka ngati timabokosi topanda tanthauzo. Choncho lembani w wamba, ndipo zithunzi zisiyeni. Uthenga uwu uli ndi zilembo pafupifupi 140 ndipo umapita kamodzi:

"Agogo, ndine mdzukulu wanu wa ku Salima. Mudye bwino Khirisimasi. Shuga ndi sopo zili ndi amalume. Ndibwera pa 2 Januwale. Ambuye akusungeni."

Kudula mawu, monga "bwnj" ndi "zkm", kusiyeni kwa anzanu. Wowerengera agogo akafika pamenepo amakakamira, ndipo ulemu wonse umathera pomwepo.

Kwa wamkulu amene sawerenga, ngati pakhomopo pali foni ya WhatsApp, uthenga wa mawu umaposa zonse, chifukwa amamva mawu anu enieni ndipo amauza mwana kuti aubwereze kangapo. Tsatani mndandanda womwe uja, yankhulani pang'onopang'ono, musapitirire mphindi imodzi kuti bandulo ya mwini foni isathe, ndipo muyambe mwamupempha mwini foniyo kuti akawamvetsere agogo. Ana anu aliyense anene moni wake kumapeto.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi ulemu wake. Pa 31 Disembala pakati pa usiku ndi nthawi ya anzanu ndi asuweni. Akuluakulu ambiri nthawi imeneyo ali m'tulo kapena ali ku tchalitchi pa mapemphero oolokera chaka, ndipo foni yolira usiku kumudzi imadzidzimutsa, chifukwa anthu amayamba aganiza za uthenga wa maliro. Atumizireni madzulo a pa 24, kapena m'mamawa wa pa 1 Januwale ndi funso limene aliyense amafunsa tsikulo: "Mwaoloka bwanji?" Yambani ndi agogo ndi makolo a mbali zonse ziwiri, kenaka amalume ndi azakhali, kenaka ena onse, ndipo moni wa mu gulupu ya banja ukhale womaliza, aliyense wamkulu atalandira kale wake.

Pepala la mayina lija musalitaye. Ine ndimalisunga m'Baibulo, ndipo chaka chikamayenda ndimalembapo pambali pa dzina chimene chachitika: uyu wabereka mu Epulo, uyu wafedwa mu Ogasiti, uyu wasamukira ku Dwangwa ndipo nambala yasintha. Disembala akafika ndimangolitulutsa n'kuyamba ndi dzina la azakhali.